Chimfine cha mwezi wa Juni

Mwana wathu woyamba anabadwa masiku asanakwane. Tinkakhala kwa Maganga, kumene boma linatumiza amuna anga kukaphunzitsa pasukulu ya pulaimale, kutali ndi kwathu. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, ndipo kusukulu ana ankaguba m'fumbi kukonzekera chikondwerero cha ufulu, ambiri mamina ali chuchuchu.

Tsiku lotuluka m'chipatala, anamwino anandikhazika pansi.

"Mayi, kamwana aka mapapo ake sanakhwime. Chimfine chimene inu mungangomina n'kuiwala, iye chikhoza kumutsikira m'chifuwa. Munthu akayetsemula kapena kutsokomola, tizilombo timauluka m'timadontho ta malovu. Tina timatsalira m'manja, n'kumata pa chilichonse chimene wagwira. Wina akagwira pomwepo n'kudzitikita m'maso kapena m'mphuno, basi chalowa. Muzisamba m'manja ndi sopo musanamunyamule."

Amuna anga anamva zonsezi ali chiimire pakhomo. Sabata isanathe, iwo anabwera kuchokera kusukulu mawu atasasa, akuyetsemula. Tsiku lomwelo anatenga mphasa n'kusamukira pabalaza.

"Mayi a mwana, ine ndisamuyandikire mpaka chithe," anatero.

Anali asanamunyamulepo n'kamodzi komwe. Kuchipatala ankaopa kuti n'kakang'ono kwambiri, kangawapulumuke m'manja. Tsopano ankangoima pakhomo la kuchipinda, kampango kali kukamwa, n'kumafunsa ngati wayamwa. Ndinkamutembenuza kuti amuone nkhope. Iwo ankaseka ndi maso okha.

Koma nyumba ya aphunzitsi inali ya zipinda ziwiri. Chogwirira chitseko chinali chimodzi. Wailesi inali imodzi, iwo akatsegula kuti amve nkhani ine ndinkadzatseka. Tikamadya tinkasamba m'beseni limodzi, iwo poyamba, ine pambuyo, sopo titasiya kubafa. Nawonso amayi a kumpingo ndi akazi a aphunzitsi anzathu ankabwera kudzaona mwana, atanyamula ufa ndi nkhuni. Ena ankatsokomola. Munthu wakuyendera ulendo wonsewo, ungamuuze bwanji kuti asagwire mwana? Ena ndinkawapatsa madzi ndi sopo, ena ndinkachita nawo manyazi.

Chinayamba ndi ine, kukhosi kukanda. Kenaka mwana anatsekeka mphuno, n'kumalephera kuyamwa. Ankagwira bere, n'kulisiya kuti apume. M'mawa wina ndikumusintha thewera ndinaona kuti akupuma mofulumira, pansi pa nthiti pakulowa m'kati.

Tinakwera njinga, ine pakaliyala mwana ali m'manja. Amuna anga anapalasa mumchenga mpaka tinapeza lole ya mpunga imene inatifikitsa kuchipatala ku Salima. Adokotala anamuyeza n'kunena kuti ndi chibayo. Anamubaya jakisoni, anayesetsa ndithu. Mawa lake masana, mwana anasiya kupuma ali pamiyendo panga.

Anamwino atamukulunga m'nsalu, amuna anga anatambasula manja. Anamunyamula nthawi yaitali, atamugunditsa pachifuwa. Anangoti, "Kani anali wopepuka chonchi."

Monga mwa mwambo, khanda lotere anakaliika m'manda ndi amayi okhaokha. Titatsala awiri, amuna anga anayamba kutulutsa zinthu panja: bulangete, mphasa, mipango yawo, makapu, ngakhale wailesi. Ankafuna kutentha zonse.

"Ndinabweretsa ndine. Zili ponseponse m'nyumba muno," ankatero.

Anamwino anandilangiza za chimfine aja anali atabwera pa njinga kudzatipepesa, ndipo anapeza mulu uli pabwalo.

"Aphunzitsi, musawotche katundu," anatero mofatsa. "Tizilombo ta chimfine sitikhalitsa kunja kwa thupi. Pa chinthu cholimba ngati kapu kapena chitsulo cha chitseko timatha kukhala maola ambiri, mwina tsiku lathunthu kapena kupitirirako pang'ono. Pa nsalu timafooka msanga kuposa apo. Tonse timene munasiya m'nyumbamu tinafa kale. Chapani, tsukani ndi sopo, kwatha."

"Nanga mwanayo anachitenga kwa ndani?" anafunsa amuna anga.

"Sindingadziwe. Mwezi uno aliyense ali nacho. Palibe amene angaloze dzanja limene chinadzera."

Iwo anakhala pansi pakhonde n'kulira mokweza, koyamba chichitikire malirowo. Ana asukulu amene ankadutsa anaima, kenaka n'kuthawa.

Madzulo ake tinalowetsa katundu. Ndinachapa matewera onse ndi tizovala, ndinayanika, ndinapinda, osadziwa kuti ndikupindira yani. Lolemba amuna anga anabwerera kukaphunzitsa. Chaka chitatha anapempha kuti atisamutse, ndipo anatitumiza ku Khombedza. Kamanda ka mwanayo kanatsala kwa Maganga, pansi pa mtengo wa masawu, pakati pa manda a anthu amene sitinkawadziwa.