Mbatata yanga ndi uthenga wa venda

Ayi, sindinaphunzire kusukulu zimenezi, ine ndinalekezera sitandade faifi. Kuwerenga sitetimenti ya ndalama za pafoni inandiphunzitsa ndi mbatata.

Chaka chimenecho ndinakumba mbatata ya kachewere yambiri kwathu ku Biriwiri. Venda wina wa ku Blantyre anatenga matumba anga pamsewu, nanditumizira ndalama pafoni. Uthenga ndinauona. Galimoto itangonyamuka, foni inaliranso, Chingerezi chokhachokha, ikufuna ndivomereze. Ine ndimati ndikuvomera kuti ndalandira. Ndinadina.

M'mawa mwake ndikuti ndichotse ya feteleza, mayi wa pa ejenti akuti, "Asisi, muno mulibe ndalama imeneyo." Mauthenganso ndinali nditafufuta, poti kafoni kanga kakadzaza sikalandira ena.

Venda pafoni amangoti, "Mayi, ndinalipira, uthenga ndili nawo." Amuna anga akuti zisiye. Ndisiye bwanji, chimanga chikufuna feteleza?

Mayi wa pa ejenti uja ananditumiza ku Boma ndi chiphaso changa, ku ofesi ya kampani ya foni, kuti akandisindikizire sitetimenti. Nditabwera nayo kwa mayi uja tinakhala pabenchi, iwo chala papepala.

"Mzere uliwonse uli ndi nambala yakeyake, zilembo zosakaniza ndi manambala. Imeneyo siifanana ndi ina. Apa ndalama ya venda yalowa, balansi yakwera. Onani pansipa."

Koma pamwamba panali timizere tina ta masiku am'mbuyo, tindalama tochepa tikuchoka. Ndinati, "Ndiye akuba ndi ambiritu."

Anaseka. "Iyo ndi yochotsera, asisi, imadulidwa nthawi zonse mukatapa ndalama. Wakuba wanu ndi uyu." Anandilozera mzere wa ndalama yobwezedwa. Inali yofanana ndendende ndi ya mbatata, ndipo pambali panalembedwa nambala ya malipiro oyamba aja. Kutanthauza kuti venda anapempha kuti imubwerere, ngati munthu wotumiza molakwika, ine n'kuvomera osadziwa.

Nambala ija ndinailoweza ngati vesi ya ku kalasi ya ubatizo.

Tsiku la msika venda uja anabweranso kudzapikula. Ndinapita kwa apampando a komiti ya pamsika, iwo namuitanitsa. Venda anatulutsa foni monyada. "Si uwu uthenga? Ndinatumiza."

Ndinati, "Achimwene, werengani nambala ili pa uthengawo, mokweza."

Anawerenga. Ine ndinaika chala pamzere wolowa, kenako pamzere wobweza. Apampando anayang'ana kawiri.

"Mwina ndi netiweki," anatero venda.

"Netiweki imadya mbatata?" anafunsa apampando. "Thumba silikwera galimoto pano mpaka amayiwa alipidwe."

Venda anatumizanso ndalama ija pomwepo. Ndinati aikepo ndi yochotsera, pakuti ndikatapa lero lomwe, isagonenso m'foni. Anang'ung'udza koma anaikapo. Feteleza ndinagula mochedwerapo, chimanga chinachitabe.

Ndiye mukamafunsa amene anandiphunzitsa, ndi mayi wa pa ejenti uja, wa kakiyosiki koyang'anana ndi chigayo.