Cholembera Chofiira cha a Balbina

M'mawa uliwonse a Balbina akakwera shapa, kaminibasi konyamula anthu, ku Mpadue, amatulutsa tsamba limodzi m'chikwama ndi kuliwerenga chapansipansi, cholembera chofiira chili m'manja. Shapa ikamafika pa mlatho wa Zambezi, tsambalo limakhala litadzaza mizere. Ndi namwino pa chipatala china chaching'ono ku Matundo mu mzinda wa Tete, kwawo ndi ku Angónia, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuphunzira madzulo akaweruka. Chinatsala ndi monografiya, kafukufuku wolembedwa amene wophunzira amapereka kuti amalize digiri. Tsiku lomaliza kupereka linali Lachisanu. Wolephera tsikulo amadikira chaka chamawa.

Anali atatopa. Mapazi amatupa, maso amayabwa ndi fumbi la malasha, ndipo ana awo anazolowera kudya mayi awo atayang'ana pa pepala.

Mphunzitsi wowayang'anira, a Amadeu, anawauza kuti asanapereke awerenge ntchito yawo ngati munthu wodana nawo. Pa chiganizo chilichonse azifunsa: angati? Ndadziwa bwanji? Kodi ichi chikuchokeradi pa chija?

Lachiwiri anafika pa chiganizo chimene chinanyamula kafukufuku yense: "Odwala ambiri asiya mankhwala a ARV chifukwa chipatala chili kutali." Anadula mzere pansi pa "ambiri". Apo panalibe vuto, nambala anali nayo. Anadula pansi pa "kutali", nadandaula, poti sanalembe paliponse kuti kutali kumayambira pati. Kenako cholembera chinaima pa "asiya".

Iwo ankawerengera ngati wasiya aliyense amene sanabwerenso kudzatenga mankhwala pa chipatala chawo. Ndipo za mtunda anazimva kwa odwala amene amabwerabe, omwe amadandaula za shapa. Osowawo sanafunse ndi mmodzi yemwe.

Masana anatenga foni ya chipatala, imene amaimbira odwala osowa, nayesa Loveness, mayi wa ku Malawi wogulitsa zitenje pa msika. Kale foni yake sinkapezeka. Tsiku limenelo inalira.

"Ndine Balbina wa ku chipatala. Muli panokha kuti tilankhule?"

"Ii, mana Balbina, achemwali anga! Mwandikumbuka lero? Ndimayesa munandiika kale m'manda."

"Mankhwala aja mukumwa?"

"Nanga ndinenepa ndi chiyani? Ndikutengera ku Mwanza. Mayi akudwala, ndiye ndimakhala uko kwambiri, kuno ndimangobwera ndi katundu. Mzere wa kwanuwo ndi wotani, munthu kufika m'mawa kuchoka dzuwa litapendeka!"

Loveness, akakhala ku Tete, amagona kuseri kwa chipatala komweko. Sanasiye mankhwala, ndipo sanali kutali.

A Balbina anakakhala pa benchi. Neusa, namwino mnzawo, anawapeza pomwepo, ndipo anamufotokozera osatchula dzina la wodwalayo.

"Munthu mmodzi yekha, mana? Perekani basi. Mukuganiza aphunzitsiwo amawerenga masamba onsewo ndi kutentha kuno?"

"Akandifunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti anasiya, ndiyankha chiyani?"

"Ndiye lembani kuti onse anapita ku Malawi."

"Zimenezonso sindikuzidziwa. Ena ndi madalaivala, ena anatha ntchito ku Moatize n'kubwerera kwawo. Ena mwina anasiyadi. Ena anamwalira. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanabwerenso kuno."

"Inu mudzamaliza sukulu muli ndi ndodo," anatero Neusa, nabwerera kwa odwala.

Ataweruka anaimbira a Amadeu. Mphunzitsiyo anamvetsera mpaka kumapeto, napumira m'mwamba.

"Nanenso chinandidutsa, Dona Balbina. Mawu oti 'asiya' ali pa mutu penipeni, ndipo gawo lomaliza, lopempha kuti mankhwala azipita nawo kufupi ndi anthu, latsamira pa mtunda umene simunautsimikize. Mwina musinthe mutu, ukhale wa odwala osabwereranso, kapena muwafufuze osowawo. Zonse ziwiri ziyenera kudutsanso ku komiti yovomereza kafukufuku, ndipo komiti sikhala Lachisanu lisanafike."

"Ndikapereka momwe zililimu?"

"Mwina mungadutse. Koma ine, popeza ndadziwa, kusaina kundivuta. Inunso mukudziwa."

Anawoloka mlatho dzuwa likulowa, atapanikizika pakati pa thumba la makala ndi bambo wina wowodzera. Anaganiza za chaka china cha mapazi otupa, ndi za mwana wawo wamkulu amene anali atauza kale anzake kuti mayi amaliza. Kunyumba anangonena kuti sapereka Lachisanu, ndiye phwando lomaliza sukulu lasunthidwa. Palibe anafunsa zambiri.

M'mawa mwake anakwera shapa monga mwa masiku onse. Anatulutsa tsamba loyamba, lija la mutu, nadula mawu oti "asiya mankhwala". Pamwamba pake analemba kuti "sanabwerenso ku chipatala". Shapa inagwedezeka pokwera mlatho, zilembo zinapindika, koma zimawerengeka. Anatembenuza tsamba lachiwiri.