Vepu ya Mlongo Wanga

Nditagwira unamwino zaka zitatu pa chipatala chaching'ono ku Kambombo, mlongo wanga wamkulu naye anatumizidwa kudzaphunzitsa ku boma la Chama. Anabwera ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 16. Anabweranso ndi chifuwa chake cha fodya, chimene ndinachizolowera kuyambira tili ana m'tauni.

Loweruka lina nditapita kukawaona, mlongo wangayo ananditulutsira kanthu konga cholembera chonenepa. Anakoka mpweya, n'kutulutsa chimtambo chonunkhira mango.

"Iyi ndi vepu," anatero. "Mnzanga wanditengera ku Lusaka. Iwe nasi, tandiuza, si yabwino kuposa fodya?"

Ndinamuyankha mmene ndimadziwira. Ndudu imayaka, ndipo utsi wake ndi umene umanyamula phula ndi mpweya wapoizoni, zimene zimabweretsa khansa, matenda a mtima ndi kuwononga mapapo. Vepu siyaka moto. Imatenthetsa timadzi tokhala ndi nikotini ndi zonunkhiritsa, choncho zoipa zake n'zochepa poyerekeza ndi za ndudu. Koma chimtambocho si nthunzi ya madzi ayi, muli mankhwala ena opweteka mapapo, ndipo chifukwa yabwera posachedwa, palibe amene akudziwa bwino zimene imachita munthu akaikoka zaka makumi awiri. Ndinatsindika kuti ingamuthandize pokhapokha atasiyiratu ndudu, kenaka n'kudzaisiyanso iyoyo.

Ankangogwedeza mutu. Mwana wake anali pakhonde akusankha mpunga, ndipo sindinaganize n'komwe kuti akumva.

Patapita miyezi iwiri mlamu wanga anandiimbira foni kuti ndibwere msanga. Anali atapeza vepu m'chikwama cha sukulu cha mwanayo, yakeyake, yofiirira, yonunkhira maswiti. Ndinakwera njinga yamoto ya hayala, fumbi lili kobo, n'kuwapeza onse atatu atakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa nyumba.

"Wayamba liti?" ndinamufunsa mtsikanayo.

"Mwezi watha. Poyamba ndinkalawa ya atate akapita kuntchito. Iyi anandipatsa mnzanga." Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Koma anti, si ndinu munanena kuti ni yabwino?"

Mutu unandiwira. Pa zonse ndinalankhula tsiku lija, anatolapo kachidutswa kamodzi, nakonso kopindika.

"Ndinanena kuti yabwino? Ndinati zoipa zake n'zochepa kuposa za ndudu, ndipo ndinkauza munthu amene wasuta kuyambira iwe usanabadwe! Atate ako akutsika kuchoka pa choipa kwambiri. Iwe mapapo ako anali oyera, ukutsika kuchoka pati?"

Ndinamufotokozera chimene chimatidetsa nkhawa ife a chipatala. Ubongo wa munthu umakulabe mpaka zaka za m'ma 25, ndipo nikotini imaugwira msanga ubongo wanthete. Imasokoneza kutchera khutu m'kalasi ndi mtima kukhazikika. Tina mwa timavepu timeneti timakhala ndi nikotini yambiri, ndipo popeza sitikanda kukhosi ngati fodya, mwana amangokoka osawerenga. Ndinamufunsa ngati anayesapo kukhala tsiku lonse osaikoka. Anati anayesa, koma mutu unamupweteka ndipo aliyense ankamunyansa.

"Ndiye chizolowezicho," ndinatero. "Manje ikatha uzachita bwanji? Kuno si ku Lusaka. Chimene chili pafupi ni ndudu ya pa kantemba kogulitsira tinthu na fodya wopichira pa pepala."

Apo mlongo wanga anayamba kumukalipira mwanayo. Akutambasula dzanja, ndinaona paketi ya ndudu m'thumba la malaya ake.

"Akulu, icho n'chiyani?"

"Aa, iyi ni ya kusukulu chabe. Vepu nimakoka pa nyumba."

Munthu wamkulu, mphunzitsi, anali atangowonjezera chachiwiri pa choyamba! Ndinamuuza kuti kusuta zonse ziwiri sikuchotsa ngozi ya ndudu, ngakhale zitakhala zochepa pa tsiku. Anayankha kuti ife anasi timakonda kuopseza anthu. Mlamu wanga ananyamuka n'kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi vepu ya mwamuna wake. Anaiika m'chikwama changa pamodzi ndi ya mwanayo.

Mtsikanayo ndinamutenga kukakhala nane ku Kambombo pa holide. Sabata ziwiri zoyamba tinkangokangana. Ankadandaula mutu, ankadya ngati walima tsiku lonse, ndipo mbale imodzi anaiswa dala. Sabata yachitatu anayamba kuseka ndi atsikana a pa chitsime. Mmene ndikudziwira, sanabwererenso ku vepu, ngakhale sindingalumbire.

Mlongo wanga anaitanitsa vepu ina mwezi womwewo. Akuti nduduzo asiya chaka chino, ndipo akandiona ndikubwera amachotsa paketi m'thumba la malaya n'kuiika m'thumba la buluku.