Nyemba za Pamaliro a Bambo

Bambo anga anagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Area 12 kuyambira ndili wamng'ono mpaka tsiku limene anagwa ndi khasu m'manja. Ankakhala ndi amayi m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa, ndikuphika palesitilanti ina yaing'ono ku Area 2, kumene nyemba ndinkaphika tsiku lililonse limene Mulungu anapanga. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndinali mlendo pamphika.

Uthenga utamveka, anthu anayamba kufika madzulo omwewo. Dongosolo linali lakuti mawa lake thupi lichoke kuchipatala, lidutsire pakanyumba paja kuti ampingo apemphere, kenako masana lole itinyamule kupita kumudzi. Abale akumudzi anali atabwera kale kudzatenga m'bale wawo, ena atayenda mtunda ndithu asanapeze galimoto. Amayi, misozi ili mbwembwembwe, anandigwira dzanja n'kundipempha chinthu chimodzi chokha.

"Mwanawe, anthuwa adye asananyamuke. Bambo ako sankalola mlendo kutuluka pano ndi njala."

Adona, akazi a abwana awo a bambo, anatumiza mlonda ndi chipepeso: ufa, nkhuni, mafuta ndi thumba la nyemba lofika m'chiuno. Azimayi akumpingo anathokoza kwambiri. Ine nditalowetsa dzanja m'thumbamo ndinadziwiratu kuti pali vuto. Nyemba yatsopano imawala, ndipo ukailuma imalola dzino. Izi zinali zothimbirira, zakuda ngati zapsa ndi dzuwa, zonunkha mankhwala ophera anankafumbwe. Ndinafunsa mlonda kumene zachokera. Anandilozera galaja yofolera ndi malata.

Ndinazisankha, kuzitsuka, n'kuzinyika m'mabafa awiri madzulo omwewo kuti zigone m'madzi. Nyemba yabwino ikagona m'madzi usiku wonse imafufuma pafupifupi kawiri, khungu n'kusalala, ndipo pamoto sichedwa. M'mawa ndinapeza zina zitafufuma mwaulesi, zina zili chikhalire, makwinya okhaokha. Sindinauze munthu. Ndinataya madziwo, tinakoleza moto, masefuliya akuluakulu awiri n'kukhala pamafuwa dzuwa lisanatuluke bwino.

Zinawira. Zinawira mpaka madzi kuphwa, tinathira ena otentha, n'kuphwanso. Mayi wina wachikulire wakumpingo, amene ankatsogolera zophika, anatola imodzi n'kuifinya pakati pa zala. Inathawa n'kukagwera pakapinga ili yathunthu.

"Mwathira kale tomato eti?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa tomato ali phee m'lichero. Ndani sadziwa kuti chowawasa chikalowa msanga nyemba imaumirira? Tomato amadikira nyemba ifewe kaye. Kenako anafunsa za madzi. Apa anali ndi mfundo, chifukwa panyumbapo panali mjigo wothiririra maluwa, ndipo madzi a mijigo ina, aja osachita thovu ndi sopo, amalimbitsa khungu la nyemba. Koma ine ndinali nditatunga pampopi wa madzi akumwa. Wina anati mwina ndi mchere, wina anati mwina pali amene wakhudza mphika ali ndi mangawa. Aliyense anali ndi chifukwa chake, kupatula chifukwa chenicheni, chimene palibe ankafuna kuchitchula pabwalo la eniake.

Ndinachitchula ine. "Nyembazi n'zakalekale. Zakhala zaka pansi pa malata."

"Tsitsani mawu, anamfedwa," anatero mayi uja, maso ali kunyumba yaikulu.

Nyemba ikagonera nyengo zingapo pamalo otentha, chinyezi cha dzinja chikulowa ndi kutuluka, imasintha m'kati mwenimweni. Madzi akhoza kulowa, moto ukhoza kuyaka tsiku lonse, koma mtima wake sumasuka. Tinayesabe. Tinathira soda pang'ono, monga timachitira nyemba zikamavuta, pakuti soda amafewetsadi ndipo amafupikitsa nthawi. Azakhali anga anatenga phulusa, nalitcheza m'kachitini koboola kupanga chidulo, n'kuthira musefuliya yachiwiri. Makungu anayamba kusupuka, msuzi unada n'kumaterera ngati sopo, koma ukaluma m'kati munali mwa gwa. Kuwonjezera soda kukanangowononga kakomedwe. Nkhuni za adona zinatha, tinayamba kuthyola nthambi zouma zimene bambo anaunjika kuseri kwa mpanda.

Ndinaganiza zothamangira kumsika kukagula zina. Koma nyemba zosanyika, ngakhale utaziwiritsa pang'ono n'kuzisiya m'madzi otenthawo kuti zifufume msanga, zimafunabe maola ndithu, ndipo galimoto ya thupi inali italowa kale pageti. Nyimbo zinayamba. Ine, mwana woyamba wa malemu, m'malo mokhala pambali pa amayi, ndinali chiweramire pamafuwa, utsi uli m'maso, ndikulimbana ndi nyemba. Mapemphero a bambo anga ndinawamvera kukhitchini, mawu ena kumveka ena osamveka. Chimenechi chimandipwetekabe mpaka lero, ndipo sindinakhululuke.

Lole itafika tinagawa chakudya mmene chinalilimo. Anthu a kwathu ndi aulemu. Ankapsontha msuzi, nyembazo n'kumazikankhira m'mbali mwa mbale. Agogo ena opanda mano anayesa imodzi, anaizunguza m'kamwa kanthawi, kenako anailavulira m'dzanja mobisa n'kuiponya pansi pa duwa. Mbale zinabwerera zitadzaza. Amalume, alongo awo a amayi, anandiyitanira pambali.

"Iwe si umaphika m'tauni? Alamu anga agwira pano moyo wawo wonse, n'kutsanzikana nawo ndi miyala?"

Mkwiyo unali utandigwira moti ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana pamaliro.

Tikukweza katundu, adona anatsika kuchokera kunyumba yaikulu atavala chitenje, maso ali ofiira. Analiradi, sindingawanamizire. Anakhala pamkeka pafupi ndi amayi, nawagwira phewa, n'kunena kuti munthu ngati bambo sadzamupezanso. Kenako anaona thumba lija, lidakali ndi theka, litatsamira khoma.

"Zotsalazo mutenge, amayi, zikathandize kumudzi," anatero. "Ife zinatikanika kalekale, zinkangotithera gasi osapsa. Ndiye ndinati inu poti mumaphikira nkhuni, mwina zikupserani."

Anayankhula mofatsa, ndi mtima woyera, ngati munthu amene wachita chanzeru. Ankadziwa. Sikuti anaiwala zaka za nyembazo kapena anangotola thumba lolakwika mwachangu. Anaziyesa okha, zinawakana, anazisiya m'galaja kudikira anthu amene nthawi yawo ndi mano awo alibe nazo ntchito, ndipo tsikulo linapezeka pamaliro a bambo anga.

Ndinaimirira. Sindikudziwa chimene ndikananena, koma chinali chitafika kale pamilomo. Amayi anandikoka chitenje mwamphamvu mpaka ndinakhalanso pansi. Katundu wawo wam'nyumba anali adakali m'kanyumba kaja, ndipo anayenera kudzabweranso kudzapempha kuti awatsegulire geti. Anagwada bwinobwino, mkazi wamasiye wa tsiku limodzi, nawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, adona. Mwatisamala."

Kenako anatembenukira kwa ine, osandiyang'ana m'maso.

"Nyamula, mwanawe. Tikazisiya aona ngati tanyoza."

Ndinalinyamula. Mu lole munali mothinana, malo ena munalibe, ndipo thumbalo analiyika kumiyendo kwa bokosi la bambo.