Asanu pa Zana Lililonse

Nambala imene inachotsa mlamu wanga pa ntchito ndinalemba ndine, ndipo sindinaitenge kulikonse koma m'mutu mwangamu.

Mlamuyo, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ankakonza makompyuta pa kampani ina m'tauni. Iye ndiye anapanga pulogalamu ya pafoni yokumbutsa makasitomala a m'masaluni kuti tsitsi lafika poti alukitsenso. Ine wapakamwa ndinali woigulitsa, kuzungulira makomboni a Matero ndi George wapansi. Saluni iliyonse inkalipira makwacha makumi asanu pamwezi.

Pulani ndinaikonza chonchi: mwezi uliwonse tizilembetsa masaluni makumi atatu atsopano, ndipo mwa olipira zana lililonse azisiya asanu okha. Zikatero olipira amachulukirachulukira mpaka kuyandikira mazana asanu ndi limodzi, pamene osiya amalingana ndi olowa. Amenewo ndi makwacha zikwi makumi atatu mwezi ndi mwezi. Mlamu anayang'ana manambalawo maso ali gwa.

"Ba mulamu, ngati ni so, nchito nizasiya," anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni.

Masaluni makumi atatu ndinkawapezadi, pakamwa sipanandigwiritse mwala. Chimene sindinachiganizire n'chakuti ndalama za pafoni sizichoka zokha. Mwezi ukatha foni imafunsa pini, ndipo imafunsa tsiku lomwe mwininyumba wa saluni ali pakhomo kufuna lendi, magetsi atathima kuyambira m'mawa. Mayi wina wa ku George anandiuza mosabisa kuti mwezi woyamba analipira pondimvera chisoni, poona fumbi la ku nsapato zanga. Ndinapsa mtima, koma ananena zoona.

Patapita miyezi ndinawerenga bwinobwino. Osiya sanali asanu pa zana, anali makumi atatu. Ndiye kuti tikangofika pa olipira zana limodzi, onse amene ndikulembetsa azingolowa m'malo mwa otuluka. Makwacha zikwi zisanu pamwezi, anthu awiri, tisanalipire mauthenga. Kutunga madzi ndi dengu kwenikweni.

Ndinadziwa Lolemba. Ndinakhala nazo chete masabata atatu, ndikudzinamiza kuti mwezi wotsatira zisintha. Anali manyazi basi, palibenso dzina lina. Munthu amene ankanditama kwa anzake kuti masamu ndimawatha, ndikamuuze kuti ndinangolota?

Tsiku limene ndinalimba mtima ndinakwera basi kupita kwawo ku Chawama, pepala la masamu enieniwo lili m'thumba. Ndinapeza mlongo wanga akuchapa panja, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Anandilandira akuseka.

"Achimwene, mwamva? Kalata yosiya ntchito anapereka Lachisanu. Ndinkakana ine, koma atandiuza kuti masamu munapanga ndinu, ndinati basi, siyani."

Anandipatsa mpando n'kulowa m'nyumba kukamuitana.