Mphindi Makumi Awiri za ku Nayuchi

A Feston Likhutcha akhala akulemba maminitsi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo m'zaka zonsezo mawu awo pa msonkhano anali amodzimodzi: "Inde, ndalemba." Kwawo ndi ku Rivirivi, kumene agogo awo anadzakhazikika atachoka ku Mozambique. Kutayipa anaphunzira ku mishoni, kwa sisitere wina amene ankang'amba pepala lonse akapeza chilembo chimodzi cholakwika. Lero ndi mlembi pa ofesi ya mpingo ku Liwonde, yoyang'anira tizipatala tinayi, tiwiri ku Balaka, tiwiri ku Machinga. Malaya awo sasowa simbi, ndipo njinga yawo amaikhoma ndi loko ngakhale ili m'kati mwa mpanda.

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse akuluakulu a ofesiyo amakumana. Kale ajenda inali mizere inayi basi: pemphero, maminitsi, malipoti, zina ndi zina. Pa malipotipo ankatsata ulemu wa kwathu kuno, wamkulu ayambe. Ankayamba a Lloyd Chimango, mkulu wa ofesi amenenso ndi wapampando. Kenako Metroni Scholastica, mkulu wa anamwino, kenako Che Usumani oyang'anira magalimoto, amene nkhani ya tayala limodzi amatha kuiyambira tsiku limene galimotoyo inagulidwa. Oyang'anira tizipatala ankadza pambuyo, ndipo womalizira penipeni anali wamng'ono pa onse, a Maness Kalipinde, mzamba wa kachipatala ka kufupi ndi Nayuchi.

A Maness amadzuka tambala asanalire n'kukwera lole ya ogula mpunga. Loleyo imabwerera 12 koloko masana, ndipo akaiphonya ndiye kuti namwino mnzawo agona yekha ndi amayi oyembekezera. Mu Ogasiti anabwera ndi pempho loti ambulansi imodzi izikhala kwawoko nthawi ya dzinja, msewu ukasanduka phala. 12 koloko inakwana Che Usumani ali pakati pa matayala. Mu Sepitembala chimodzimodzi. Mu Okutobala a Maness ananyamula chikwama mwakachetechete, nagwada pang'ono pakhomo, n'kutuluka. A Feston analemba kachitatu konse ndi dzanja lawo: "Nkhani ya ku Nayuchi yasiyidwira msonkhano wotsatira." Wotsatirawo unali wa Novembala, wotsiriza mvula isanagwe.

Mzere umenewo unawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Poti paja m'kabati munali kabuku ka kayendetsedwe ka misonkhano kamene anapatsidwa ku maphunziro ena, anakafukula, nakapukuta fumbi. Kenako anaimbira foni a Maness.

"A sisitere, ndine Likhutcha. Pempho lanu lija mulilembe. Tsamba limodzi lokha."

"Ndilembe chiyaninso, bambo? Miyezi itatu ndikulinyamula pamutu ngati dengu."

"Vuto n'chiyani, linachitika kangati chaka chatha, ndipo mukufuna msonkhano ugamule chiyani. Chomalizacho chikhale mzere umodzi. Lindipeze masiku khumi tisanakumane."

Linafika pa WhatsApp, chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja, ndipo iwo analitayipa. Onse a malipoti anawauza zomwezo. Che Usumani anabweretsa masamba asanu ndi awiri.

Masana onse a Lolemba a Feston anali pa kompyuta. Anadula tsamba m'magawo: nthawi, nkhani, woipereka, pepala lake, ndi chimene msonkhano ukuyenera kuchita nayo, kaya kugamula, kukambirana kapena kungomva. 9:00, pemphero ndi zopepesa. 9:05, kuvomereza ajenda. 9:10, maminitsi a mwezi watha ndi zochokera m'menemo, Pepala A, mphindi makumi awiri. Atafika pa 9:30 anapuma kaye, n'kulemba: ambulansi ku Nayuchi, a M. Kalipinde, Pepala B, kugamula, mphindi makumi awiri. Pansi pake magalimoto, Pepala C, mphindi khumi. Pansi pakenso lipoti la Metroni, Pepala D. Zina ndi zina anazipatsa kotala ya ola, kumapeto, ndi chenjezo loti wofuna kuikapo nkhani auze wapampando msonkhano usanayambe.

Ajenda ndi ya wapampando, mlembi amangokonza. Choncho anaipereka kwa a Chimango, amene anaiwerenga ataimirira, makiyi ali m'manja.

"Yaoneka bwino ngati ya ku Lilongwe. Tumizani."

Kutatsala sabata yathunthu, aliyense analandira mtolo wake, mapepala atamatidwa m'ndondomeko, chilembo chake chili pakona.

Tsikulo kunacha mitambo itaunjikana kummawa. A Maness analowa fumbi lili m'nsidze, nanong'oneza a Feston kuti dalaivala wanena zonyamuka 11 koloko, akuopa mvula. A Feston anayang'ana wotchi. Wapampando anali asanafike. Anafika 9:35, akupepesa kuti pa mlatho wa baraji panali mzere wautali wa magalimoto. A Feston anayamba kusuntha nthawi zonse ndi pensulo.

Pemphero litatha, a Chimango anafunsa ngati onse akuivomereza ajenda. Metroni Scholastica anavula magalasi.

"Apampando, ine ndingofunsa. Kuyambira liti mwana amasamba m'manja makolo asanasambe? Maness uyu ndinamuphunzitsa kugwira jakisoni ndine. Lero ine ndili pansi pa matayala."

Anthu anaseka, koma a Maness anazolika. A Chimango anatembenukira kwa mlembi, ngati kuti pepalalo akuliona koyamba.

A Feston anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo. "Pepani amayi. Sindinasanje anthu iyayi, ndasanja nkhani. Zofuna chigamulo ndaika patsogolo, mitu isanatope. Lipoti lanu ndi lomva, ndipo aliyense ali nalo kale. A sisiterewa lole yawo inyamuka 11 koloko."

"Kaleka tinkayenda bwanji?"

"Maminitsi a miyezi itatu yonse ndawamatira m'Pepala A, amayi. Mzere womaliza ndi umodzimodzi."

Metroni anatsegula, nawerenga, natseka. A Feston anayamba kukhala pansi, koma Che Usumani anali atakweza kale chala.

"Achimwene a Likhutcha, pepala lanuli ndi lokongola, ndithu lokongola. Koma mwamanga ngolo kutsogolo kwa ng'ombe. Mugamula bwanji zotumiza ambulansi musanamve kuti tili nazo zingati zoyenda? Imodzi ili ku galaja ku Balaka. Ndiyambe ine."

A Feston anayang'ananso ajenda yawo. Mkuluyo ankanena zoona. Nkhani imene chigamulo chatsamirapo iyenera kutsogola, ndipo iwo anali ataiwala, maso ali pa lole basi.

"Ndalakwitsa pamenepo, apampando," anatero. "Magalimoto atsogole. Koma mphindi zake zikhale zomwezo."

"Khumi?" anatero Che Usumani. "Khumi ndi za moni!"

Ajenda inavomerezedwa ndi kusintha kumeneko. Maminitsi anadutsa msanga, poti anthu anali atawerengera kunyumba, ndipo panangokonzedwa dzina limodzi. 10:12 Che Usumani anatsokomola, nayamba.

Anayambira mu 2016. Anafotokoza mmene ambulansi yawo yoyera inabwerera, amene anaiyendetsa koyamba, ndi mbuzi imene inagundidwa pa Ulongwe. A Feston anavula wotchi n'kuiika patebulo. 10:20. Analemba kakalata, "zatsala ziwiri," nakakankhira kwa wapampando. A Chimango anakawerenga, nakapinda bwinobwino, n'kupitiriza kugwedeza mutu. Che Usumani ndi msinkhu wa bambo awo, angawadule bwanji pakamwa? 10:24. 10:27. Panja kunachita mdima, ndipo a Maness anakokera chikwama pafupi ndi mwendo.

"Che Usumani!"

Anali Metroni, ajenda ili m'mwamba ngati khadi ya refa.

"Ine ndavomera kudikira mphindi khumi zanu ndi makumi awiri za mwanayu. Za mbuzi sindinavomere. Pepala lanu tawerenga tonse, masamba asanu ndi awiri, Mulungu atikhululukire. Ambulansi ya ku galaja ituluka liti?"

"Amayi, kuti mumvetse bwino, giyabokosi ija..."

"Liti?"

"Pa 20."

"Ikatuluka tikhala nazo zingati?"

"Ziwiri."

"Mwamaliza. Apampando, itanani mwanayo."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete, Che Usumani yemwe akuseka, akupukusa mutu kuti mayi ameneyu ngakhale ku Kiyama, tsiku la chiweruzo, adzafulumizitsa angelo. A Chimango anapeza mawu awo. "Nambala yotsatira, a Kalipinde, Pepala B."

A Maness anaimirira 10:29. Sanawerenge pepala lonse. Anangoti chaka chatha, kuyambira Disembala mpaka Malichi, amayi asanu ndi mmodzi anafunika kuthamangitsidwa ku chipatala chachikulu, ndipo ambulansi yochokera ku Liwonde inatitimira panjira katatu isanawafike. Galimoto ikakhala komweko imadutsa matopewo kamodzi, osati kawiri. Kenako anawerenga mzere wa pempho lawo.

Mafunso anagwa ngati matalala, koma onse anali a anthu amene awerenga. Dalaivala azigona kuti? Pali chipinda kuseri kwa nyumba ya namwino. Nanga tizipatala ta ku Balaka? Ambulansi inayo itsala pa Liwonde, ndipo misewu yawo ndi yabwinopo. Che Usumani anati atumize yoyerayo, ndiyo yamphamvu m'matope, nayamba kufotokoza chifukwa chake. Metroni anangowayang'ana, iwo n'kumeza mawu.

"Alipo wotsutsa?" anafunsa a Chimango. Panalibe. "A mlembi, tiwerengereni."

A Feston anawerenga: "Msonkhano wagamula kuti ambulansi yoyera ikhale ku Nayuchi kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi. Wochita, Che Usumani. Adzanene pa msonkhano wa Disembala kuti yafika."

Inali 10:46. A Maness anaombera m'manja katatu, naiwala kugwada, n'kutuluka akuthamanga. Mawu awo anamveka pawindo akukuwira namwino mnzawo pa foni: "Princess! Sesani chipinda chija! Eya, ikubwera!" Madontho oyamba anali atayamba kugogoda malata.

A Chimango anawerama n'kunong'oneza a Feston kuti ntchito yawoyi ndi yofunika kuinena kwa akuluakulu a mpingo. A Feston anati iyayi, ajenda yake inali ndi cholakwa, ndipo anachiona ndi Che Usumani. Kenako analoza ndi pensulo pa mzere wotsatira, poti Metroni anali atavala kale magalasi, Pepala D lili m'manja, akudikira kuitanidwa.