Mtunda wa ku Makululu

Abwana pa kampani yathu yoperekera makatundu pa njinga zamoto ankafuna mitunda ya pakati pa mashopu makumi anayi a mu Kabwe isanakwane 2 koloko. Shopu iliyonse inali ndi manambala awiri osonyeza malo ake pa mapu, latitudi ndi longitudi. Mapeya onse a mashopu awiriawiri anali 780.

Ndinalemba kapulogalamu ka Python: malupu awiri, malamulo obwerezabwereza, otenga peya iliyonse kamodzi, ndi fomula ya haversine yopeza mtunda padziko lozungulira. Nditakayendetsa, kuchoka ku Ngungu kufika ku Makululu, makomboni a mu Kabwe momwemo, kunatuluka makilomita oposa mazana awiri.

“Mwasiliza?” anafunsa abwana ali pakhomo.

“Pang'ono chabe, bwana.”

Ndinawerenga mzere uliwonse wa pulogalamuyo. Kenaka ndinaona: sin ndi cos za Python zimafuna ngodya zoyezedwa mu maradiani, ine ndinazipatsa madigiri. Ndinaika math.radians, yosinthira madigiri kukhala maradiani, pa manambala onse anayi, mtunda uja n'kutsikira pa makilomita ochepa.

Abwana anayang'ana pepala la mitunda lomwe ndinawapatsa. “Nanga njinga zimauluka?”

Ndinavomera kuti imeneyi inali mitunda yowongoka, osati ya mumsewu. Anapita nalobe.